Mwamva liwu koma simukudziwa kalembedwe kake: zochita dikishonale ikakana kukupatsani

Dandaulo ili limabwera kawirikawiri. Munthu wamva liwu pa wailesi, pamsonkhano kapena m'kalasi, walilemba mmene walimvera, koma dikishonale ikuti liwu lotero kulibe. Nthawi zambiri liwulo limakhala lachingelezi, choncho malangizo ambiri pano akukhudza Chingelezi, ngakhale chakumapeto ndikambapo pang'ono za mawu a Chichewa.

Gwero la vutoli ndi limodzi. Chichewa timachilemba pafupifupi mmene timachiyankhulira, ndiye khutu likamva, dzanja limangotsatira. Chingelezi chili ndi zilembo 26 zokha koma maphokoso ake ndi pafupifupi 44, ndipo phokoso limodzi likhoza kulembedwa m'njira zingapo. Kuwonjezera apo, khutu lozolowera mavawelo 5 limavutika kusiyanitsa mavawelo a Chingelezi cha ku Britain omwe ndi pafupifupi 20. Zikatere khutu limayamba lakonza liwulo kuti limveke ngati lathu, ndipo chimene mumalemba ndi liwu lokonzedwalo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kudalira makonsonanti ndi chiganizo chimene liwulo linalimo, koma kukayikira mavawelo ndi chilembo choyamba.

Mawu onse amene ndawalemba `chonchi` ndi oti muwatayipe kapena kuwaona pa sikirini monga alili.

## Musanayambe kufufuza

Liwu lachilendo silikhalitsa m'mutu. Pakapita maola ochepa limakhala litasintha, layamba kufanana ndi liwu lina limene mumalidziwa kale. Mukangolimva, lembani zinthu izi:

- Mmene lamvekera, m'kalembedwe ka Chichewa. Musayese kulilemba mwachingelezi panthawiyi, chifukwa mukatero mwayamba kale kulota.
- Kuchuluka kwa maphatikizo ake, kutanthauza timagawo ta liwu timene timamveka paderapadera, komanso phatikizo limene linamveka mwamphamvu.
- Mawu awiri kapena atatu amene anali kumbuyo ndi kutsogolo kwake.
- Nkhani imene inkakambidwa ndi amene ankayankhula, kaya dokotala, makaniko, mphunzitsi kapena wowulutsa mpira.

Ziwiri zomalizazo ndi zimene anthu amaziiwala, chonsecho ndi zimene zimapulumutsa phokoso likakusocheretsani.

## Chizindikiro 1: dikishonale ikuti liwulo kulibe

### Chifukwa chofala kwambiri: chilembo choyamba n'cholakwika

Mu dikishonale ya pepala, kulakwitsa chilembo choyamba kumakupititsani patsamba lina kotheratu. Ya pa foni imayesa kukupatsani mawu ofanana ndi zimene mwalemba, koma mapulogalamu ambiri otere amayang'ana kuti ndi zilembo zingati zofunika kusintha kuti zimene mwalemba zikhale liwu lenileni. Zikachuluka, liwu lanu siliwoneka pamndandanda. Ndiye musanasinthe china chilichonse, sinthani poyambira.

- Mwamva n: yesani `kn`, `gn` kapena `pn`, monga mu `knee`, `gnaw`, `pneumonia`.
- Mwamva s: yesani `c`, `sc` kapena `ps`, monga mu `ceiling`, `scissors`, `psychology`.
- Mwamva f: yesani `ph`, monga mu `pharmacy`.
- Mwamva k: yesani `c`, `ch` kapena `qu`, monga mu `cargo`, `chemist`, `quay`.
- Mwamva r kapena l: yesani `wr` ndi `rh`, monga mu `wrist`, `rhythm`.
- Mwamva sh: yesani `ch` kapena `s`, monga mu `chef`, `sugar`.
- Mwamva z: yesani `x`, monga mu `xenophobia`.
- Mwamva yu: yesani `u` kapena `eu`, monga mu `unit`, `euphemism`.
- Liwu layamba ndi vawelo: mwina pali `h` wosamveka, monga mu `honest` ndi `heir`.

Nkhani imene inkakambidwa ikhoza kukusankhirani poyambira. Mawu ambiri a zachipatala ndi sayansi anachokera ku Chigiriki, ndipo kumeneko ndi kumene kunachokera `ph`, `ps`, `pn`, `rh` ndi `ch` womveka ngati k. Ngati mwamva liwu loyamba ndi f m'kamwa mwa dokotala, yambirani pa `ph`. Mawu a zophikaphika, zovala ndi zausilikali ambiri anachokera ku Chifalansa, komwe `ch` amamveka ngati sh.

### Chifukwa chachiwiri: mwawonjezera mavawelo

M'Chichewa phatikizo limathera pa vawelo, ndipo makonsonanti ena sitimawagundanitsa. Khutu likamva makonsonanti ogundana limalowetsa i kapena u pakati, likamva liwu lothera pa konsonanti limamata vawelo kumapeto. Umu ndi mmene tinapezera mawu ngati buleki ndi sitiroko.

Kuti muone ngati vuto ndi limeneli, fufutani vawelo womaliza, kenako fufutani i kapena u aliyense amene sanamveke mwamphamvu. Buleki imatsala `blek`. Sitiroko imatsala `strok`, ndipo apa dikishonale sichedwa kukupatsani `stroke`. Koma `blek` ikadali ndi vuto lina.

### Chifukwa chachitatu: l ndi r zasinthana

Kwa ife l ndi r ndi phokoso limodzi, ndipo palibe liwu la Chichewa limene limasintha tanthauzo chifukwa mwatchula l m'malo mwa r. M'Chingelezi ndi maphokoso awiri osiyana. Pamene mwalemba l yesani r, pamene mwalemba r yesani l. `blek` ikakhala `brek` mwayandikira `brake` ndi `break`, ndipo ngati nkhani inali ya galimoto, loyambalo ndiye lanu. Liwu likakhala ndi malo awiri otere, pali njira zinayi zoyesa. Ziyeseni zonse, sizitenga nthawi.

### Chifukwa chachinayi: zilembo zosamveka pakati kapena kumapeto

Apa khutu silingakuthandizeni, popeza chilembocho sichinatchulidwe n'komwe. Mu `debt` simumva b, mu `receipt` simumva p, mu `island` simumva s, mu `phlegm` simumva g, ndipo mu `indict` simumva c. Mawu ochokera ku Chifalansa amakonda kubisa konsonanti womaliza, monga `debris`, `ballet` ndi `depot`. Kumapeto kwa mawu, phokoso la shoni limalembedwa kawirikawiri `tion`, `sion` kapena `cian`, pamene cha wakumapeto nthawi zambiri amakhala `ture`, monga mu `fracture`.

Njira yabwino ndi kusiya mpata pamene mukukayikira. Dikishonale ya pa intaneti ya OneLook imalola kufufuza ndi zizindikiro. Nyenyezi `*` imaimira zilembo zingati zilizonse, funso `?` limaimira chilembo chimodzi, ndipo mukaika `:` mukhoza kuwonjezera liwu losonyeza tanthauzo.

```
f*g?r
ph*m:throat
deb*:rubbish
```

Mzere wachiwiriwo ukutanthauza liwu loyamba ndi `ph`, lothera ndi `m`, lokhudza kukhosi. Simufunika kudziwa zapakatipo.

### Chifukwa chosowa: phokoso limene Chichewa chilibe

Phokoso la `th` wa Chingelezi limapangidwa lilime lili pakati pa mano, ndipo silifanana ndi th wa mu thumba. Ena amalimva ngati f, ena s, t kapena d. Ngati njira zonse zakanika ndipo liwu lanu lili ndi limodzi mwa maphokoso amenewa, ikani `th` pamenepo. Zimene munamva ngati sisisi pokamba za maphunziro a ku yunivesite zikhoza kukhala `thesis`.

## Chizindikiro 2: liwu lapezeka koma tanthauzo silikugwirizana ndi nkhani

Ichi n'choopsa kuposa choyamba chija, chifukwa munthu amaganiza kuti wamaliza. Muyeso wake ndi wosavuta. Tengani tanthauzo limene mwapezalo, liikeni m'chiganizo chimene munamva. Ngati mukuchita kulikakamiza kuti likwane, si limenelo.

Mawu awiri omveka chimodzimodzi. Ichi ndiye chifukwa chofala. `queue` ndi mzere wa anthu odikira, `cue` ndi chizindikiro choti uyambe, koma onse amamveka kyuu. `colonel`, udindo wa usilikali, amamveka chimodzimodzi ndi `kernel`, kanjere ka m'kati mwa chipatso cholimba. Ngakhale eni chilankhulo sawasiyanitsa ndi khutu, amadalira chiganizo. Mukapeza limodzi ndipo silikukwana, tayipani liwulo pamodzi ndi `homophone` pa malo ofufuzira a pa intaneti monga Google, mudzapeza mnzake.

Mavawelo amene khutu lathu limawaphatikiza. Mawu awa ndi osiyana kwa mwini chilankhulo, koma kwa ife amagwera pamodzi. `ship` ndi `sheep`, `live` ndi `leave`, `full` ndi `fool`. Gulu lovutitsitsa ndi la a, chifukwa `hat`, `hut`, `heart`, ndipo kwa ena ngakhale `hurt`, onse akhoza kumveka hati. Siyani makonsonanti pamalo pake n'kumasintha vawelo yekha. Pa OneLook, `h*t` ikupatsani onsewa, ngakhale idzabweretsanso ena ambirimbiri, choncho ndi bwino kuwonjezera liwu la tanthauzo.

Pamawu aatali pali vawelo wina wofooka amene amamveka m'maphatikizo osatsindikidwa, pakati pa a ndi e. Vawelo ameneyu ndi amene amamveka kawirikawiri kuposa onse m'Chingelezi, ndipo akhoza kulembedwa ndi chilembo chilichonse cha vawelo: `a` mu `about`, `e` mu `problem`, `o` mu `lemon`, `u` mu `supply`. Ichi n'chifukwa chake ndinati mulembe phatikizo limene linamveka mwamphamvu. Vawelo wa phatikizo limenelo mukhoza kumudalira pang'ono, koma ena onsewo ikanipo nyenyezi.

Kayankhulidwe ka wolankhulayo. Anthu ambiri a ku England satchula r wobwera pambuyo pa vawelo ngati kutsogolo kwake kuli konsonanti kapena liwu latha, ndiye `court` ndi `caught` amamveka chimodzimodzi, monganso `source` ndi `sauce`. Ngati vawelo anali wautali, yesani kuika `r` pambuyo pake. Anthu a ku America amafewetsa t wapakati pa mavawelo mpaka kumveka ngati d, moti `metal` ndi `medal` sasiyana kwenikweni. Ngati munamva d pakati pa liwu mufilimu ya ku America, yesaninso `t` kapena `tt`.

Mwawerenga tanthauzo loyamba lokha. Nthawi zina liwu mwalipeza molondola, koma tanthauzo limene mukufuna lili m'munsi. `bear` ndi chimbalangondo, komanso ndi kunyamula kapena kupirira. Werengani mpaka pothera, ndipo muone timawu tosonyeza gawo la ntchito monga `law`, `medicine` kapena `finance`. Ngati liwulo ndi la akatswiri okhaokha, dikishonale yaing'ono ya ophunzira singakhale nalo, ndipo mufunika ya gawo limenelo.

## Chizindikiro 3: mwayesa kalembedwe kalikonse koma palibe chikutuluka

Apa kayikirani ngati chimene munamva ndi liwu limodzi. Poyankhula palibe mipata imene timaiona papepala, mawu amamatirana.

1. Mwadula pamalo polakwika. Timawu `a` ndi `an` timamatirira ku liwu lotsatira. `an aim` ndi `a name` amamveka pafupifupi mofanana. Ngati liwu lanu layamba ndi a kapena n, lichotseni phokoso loyambalo n'kuyesanso. Chitaninso mosemphanitsa, chifukwa mwina munataya a poganiza kuti ndi kaliwu kapadera, pomwe liwulo ndi `attack` kapena `arrears`.
2. Ndi mawu awiri kapena atatu ogwira ntchito limodzi. `put up with` amatanthauza kupirira, ndipo simungapeze tanthauzo limeneli pofufuza liwu lililonse palokha. Fufuzani gulu lonselo.
3. Ndi mawu obwereka ku Chilatini kapena Chifalansa. Zomveka ngati fopaa zimalembedwa `faux pas`, rondevuu ndi `rendezvous`, onruti ndi `en route`. Apa phokoso ndi kalembedwe zatalikirana kwambiri moti kuyesa zilembo n'kutaya nthawi. Pitani ku njira ya tanthauzo imene ili m'chitsanzo cham'munsichi.
4. Ndi liwu losinthika. `sought` amachokera ku `seek`, `criteria` ndi zambiri za `criterion`. Madikishonale ambiri a pa intaneti amakulozerani ku tsinde, koma a pepala ena amangoika kamzere kamodzi kosavuta kukadumpha.
5. Ndi chidule kapena dzina. Chikhoza kukhala zilembo zoyamba za mawu angapo zotchulidwa ngati liwu, dzina la kampani, la malo kapena la munthu. Dikishonale siyisunga zambiri mwa zimenezi. Zifufuzeni pa malo ofufuzira wamba pamodzi ndi mutu wa nkhani.

## Chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tinene kuti pa nkhani za pa wailesi mwamva kuti mkulu wina wa kampani wapatsidwa chinthu chomveka ngati sapina, ndipo akuyenera kukaonekera kukhoti sabata yamawa. Mwalemba kuti sa-PI-na, maphatikizo atatu, lapakati lamphamvu. Kumbuyo kwake munamva `served with a`. Nkhani ndi ya khoti.

Mukatayipa `sapina` mu dikishonale n'kutheka kuti simupeza kanthu, kapena mupatsidwa mawu osakhudzana ndi khoti. Poyamba sinthani chilembo choyamba, `capina`, `psapina`, ndipo muona kuti sizikuthandiza. Phatikizo loyamba linali lofooka, choncho a wakeyo ndi wokayikitsa. Mukayesa `supina` mwina mupatsidwa `supine`, kutanthauza kugona chagada. Liwulo lilipodi, koma liikeni m'chiganizo. Munthu sapatsidwa kugona chagada kuti akaonekere kukhoti, ndiponso `supine` ali ndi maphatikizo awiri pomwe inu munamva atatu. Litayeni.

Tsopano siyani kulota mavawelo. Makonsonanti amene mukuwatsimikiza ndi s, p ndi n, ndipo liwu linathera pa a. Tayipani izi pa OneLook:

```
s*p*na:court
```

Kapena siyani phokoso, mufufuze ndi tanthauzo. Fotokozani chinthucho m'Chingelezi chosavuta pa malo ofufuzira, monga `order to appear in court as a witness`. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito mawu oyandikana aja, m'kati mwa zizindikiro zogwira mawu, nyenyezi ili pamalo pa liwu losowalo:

```
"served with a *" court witness
```

Pa zotsatira mudzaona mawu angapo a kukhoti, monga `summons`, `warrant` ndi `subpoena`. Apa phokoso limene munalemba lija layambanso kugwira ntchito. `summons` ndi `warrant` ali ndi maphatikizo awiriawiri ndipo alibe p. Latsala `subpoena`, lomwe pongoliona simungaganize kuti ndi limene munamva, chifukwa lili ndi b wosamveka ndipo `oe` amamveka ngati i wautali. Linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuti pali chilango ngati sumvera.

Chomaliza ndi kutsimikiza, ndipo musachidumphe. Tsegulani liwulo mu dikishonale yokhala ndi mawu omvetsera, monga Cambridge Dictionary yomwe imapereka katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America, ndipo mvetserani. Ngati mukufuna kulimva m'kamwa mwa anthu osiyanasiyana, YouGlish imakuonetsani timagawo ta mavidiyo pamene liwulo likutchulidwa. Kenako werengani tanthauzo: chikalata cholamula munthu kukapereka umboni kapena kubweretsa zikalata kukhoti. Phokoso likugwirizana, maphatikizo ndi atatu, tanthauzo likukwana m'chiganizo popanda kukakamiza. Zitatuzi zikagwirizana, liwu ndi lomwelo. Zikagwirizana ziwiri zokha, pitirizani kufufuza.

Onani kuti m'chitsanzochi kalembedwe sikanapezeke ndi khutu. Tanthauzo ndi limene linabweretsa mawu oti tisankhepo, ndipo phokoso linatithandiza kusankha limodzi. Pamawu ovuta, dongosolo limeneli ndi lachangu kuposa kuyesa zilembo chimodzichimodzi, ndipo ine ndimasamukira kumeneku ndikangoona kuti kusintha chilembo choyamba ndi mavawelo sikunaphule kanthu.

## Chizindikiro 4: simukukumbukiranso bwino mmene linamvekera

Nthawi zambiri n'chifukwa choti simunalilembe msanga, ndipo nthawi zina n'chifukwa cha phokoso la pamalopo kapena foni yodukaduka. Musaumirire kulikumbukira, chifukwa mukamalibwereza m'mutu ndi pamene likusinthiratu. Bwererani kumene linachokera.

- Ngati inali vidiyo, yatsani mawu olembedwa m'munsi. Pa YouTube ndi batani la `CC`, ndipo mavidiyo ambiri ali ndi `Show transcript`. Chepetsaninso liwiro kufika pa `0.75`. Dziwani kuti mawu olembedwa ndi makina amalakwitsa kwambiri pa mayina ndi mawu a akatswiri, choncho zimene mwaonazo muzitsimikize mu dikishonale.
- Ngati inali nkhani ya pa wailesi, fufuzani nkhani yomweyo m'nyuzipepala. Atolankhani olemba nkhani imodzi amakonda kugwiritsa ntchito mawu ofanana.
- Ngati linali phunziro, onani mndandanda wa mawu kumapeto kwa buku la phunzirolo. Mawu a pamenepo ndi ochepa, moti mukhoza kuwadutsa onse n'kuona limene likufanana ndi zimene mukukumbukira.
- Ngati wolankhulayo mukhoza kumupeza, mufunseni kuti akulembereni. Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo njira imeneyi imaposa zonse zili pamwambazi.

## Chizindikiro 5: liwulo ndi la Chichewa koma silikupezeka

Izi zimachitikira ophunzira chilankhulochi komanso eni ake akamva liwu lachikale kapena la dera lina. Vuto lalikulu si kalembedwe koma kuti mneni wa Chichewa amanyamula timagawo tambiri kutsogolo ndi kumbuyo, pomwe madikishonale ambiri amaika aneni potengera tsinde. Mukamva anakandionetsa, simudzalipeza pa a. Chotsani a-, -na-, -ka- ndi -ndi-, patsala -onetsa, lomwe likuchokera ku -ona. Dzina likakhala lochulukitsa, fufuzani la chimodzi, ndipo kumbukirani kuti ena amasintha poyambira: masamba ndi tsamba, maso ndi diso, mapiri ndi phiri.

Zikakanikabe, onani izi:

- Mpweya wa h. Phala ndi chakudya, pala ndi mneni. Yesani p ndi ph, t ndi th, k ndi kh, ch ndi tch.
- Kusiyana kwa ng' ndi ng, monga mu ng'ombe ndi ngoma.
- l ndi r, popeza olemba amasiyana. Kulira mukhoza kulipeza litalembedwa kulila.
- Kalembedwe kosiyana ka liwu limodzi, monga mawu ndi mau, kapena w ndi ŵ.
- Kukweza ndi kutsitsa mawu, komwe sitikulemba. Mtengo womera ndi mtengo wogulira chinthu amalembedwa mofanana, ndipo chiganizo ndi chimene chimasiyanitsa.

Ngati zonsezi zalephera, mwina liwulo ndi la chilankhulo choyandikana nacho, kapena ndi la achinyamata limene silinalowe m'mabuku. Pamenepo munthu wolankhula chilankhulocho ndiye dikishonale yanu.

## Pamene muyenera kusiya kufufuza n'kufunsa katswiri

Njira zonse zili pamwambazi zimakupatsani liwu limene likuoneka kuti ndi lolondola. Pa nkhani wamba zimenezo n'zokwanira. Koma pali malo amene kuyandikira chabe kukhoza kuvulaza munthu.

- Dzina la mankhwala. Musagule kapena kumwa mankhwala potengera dzina limene mwangolimva n'kulifufuza nokha. Mayina ambiri amamveka mofanana pomwe ntchito zake n'zosiyana. `hydroxyzine` ndi mankhwala a kuyabwa ndi nkhawa, `hydralazine` ndi a kuthamanga kwa magazi, ndipo mayina awiriwa amasokoneza ngakhale ogwira ntchito zachipatala, moti m'malo ena zilembo zosiyanazo amazilemba zikuluzikulu. Pemphani dokotala, namwino kapena katswiri wa mankhwala kuti akulembereni dzinalo ndi mlingo wake.
- Dzina la matenda kapena zotsatira za kuyezedwa. Timagawo `hyper` ndi `hypo` timamveka pafupifupi mofanana munthu akamayankhula mwachangu, koma koyamba kamatanthauza kuchuluka, kachiwiri kuchepa. Shuga wochuluka ndi shuga wochepa m'magazi amafuna chithandizo chosemphana. Funsani amene anakuyezaniyo.
- Mawu a kukhoti, a ngongole kapena a mgwirizano wosainirana. Dikishonale ikuuzani tanthauzo, koma sikuuzani zimene lamulo la dziko lanu likufuna kuti muchite ndiponso pofika liti. Ngati liwulo likukhudza inuyo, pemphani chikalata cholembedwa ndipo funsani loya, kapena womasulira ngati muli m'khoti.
- Manambala a ndalama, mlingo kapena tsiku. `fifteen` ndi `fifty` amasokonekera mosavuta pa foni, monganso ena onse kuyambira 13 ndi 30 mpaka 19 ndi 90. Pemphani kuti akutchulireni nambala imodziimodzi kapena akutumizireni uthenga.
- Dzina la munthu loti lilowe pa chikalata. Dzina limodzi likhoza kulembedwa m'njira zingapo, ndipo mwini wake yekha ndi amene akudziwa yake. Koperani pa chiphaso chake.
- Mawu a chitetezo pa ntchito, monga dzina la mankhwala a m'fakitale kapena a m'munda. Werengani chizindikiro cha pa botolo kapena funsani woyang'anira ntchito musanakhudze.

Pa mawu a maphunziro amene akukanabe kupezeka, mphunzitsi wa phunzirolo kapena wogwira ntchito mu laibulale akhoza kulizindikira msanga. Mupatseni zinthu zinayi zimene munalemba zija, osati phokoso lokha.

Palinso chizindikiro china chosakhudza dikishonale. Ngati mwaona kuti mukuphonya mawu kawirikawiri ngakhale m'chilankhulo chanu, makamaka maphokoso opyapyala ngati s ndi f, kapena mumamva kuti anthu akuyankhula koma mawu sakumveka bwino pagulu, kayezetseni makutu. Kumva kukayamba kuchepa chifukwa cha ukalamba kapena phokoso la makina, maphokoso apamwamba ngati amenewa ndi amene amayamba kusowa, ndipo kuyeza kwake n'kosapweteka.